Momwe mungasonkhanitsire mayina a ziwiya za kukhitchini a pa tchati cha m'kalasi

Aphunzitsi amene angoyamba kumene ntchito, makamaka a Sitandade 1 ndi Sitandade 2, amandifunsa kawirikawiri kuti ndiwapatse mndandanda wa ziwiya za kukhitchini woti alembe pa tchati. Yankho langa limakhala limodzi: mndandanda wokonzeka kale sindingakupatseni, chifukwa mayina amene ana anu amamva kwawo ndi amene ayenera kukhala pakhoma lanu, ndipo ine kwawoko sindikhalako. Chimene ndingakupatseni ndi njira yake. Ndailemba pano yonse kuti aliyense wofuna aziitsata, ndipo ndatenga ziwiya za kukhitchini monga chitsanzo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Njira yomweyi mukhoza kuigwiritsa ntchito pa zida za kumunda, ziwalo za thupi kapena zovala.

Mungofunika pepala lalikulu la tchati, pensulo, rula, maka wakuda ndi kope lolembamo mawu pamene mukusonkhanitsa. Pepala likasowa, katoni yotambasula kapena thumba loyera la ufa lochapa bwino zimagwira ntchito. Izi ndi zimene kukoleji munkazitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo.

1. Dulani malire musanalembe dzina ndi limodzi lomwe

Mutu woti "kukhitchini" ndi wotakata kwambiri. Mumalowa ufa, mchere, nkhuni, utsi, tsache, ngakhale mphaka amene amagona pafupi ndi moto. Mukayamba opanda malire, tchati chanu chidzakhala chisakanizo, ndipo mwana sadzaona chimene chikumangiriza mawuwo pamodzi.

Lembani malire anu m'chiganizo chimodzi pamwamba pa tsamba la kope. Pa ziwiya ine ndimalemba kuti: chinthu chimene timagwiritsa ntchito pokonza, pophika kapena pakudya chakudya, ndipo tikamaliza chimatsala kuti tidzachigwiritsenso ntchito mawa. Mbali yomalizayo ndiyo imagwira ntchito yaikulu. Ufa umatha, mchere umatha, makala amasanduka phulusa, choncho si ziwiya. Mthiko tikautsuka mawa ulipo. Dzina lililonse limene likuvutitsani patsogolopa mudzaliyesa ndi chiganizo chimenechi.

2. Mawu atuluke m'kamwa mwa ana ndi m'khitchini yeniyeni

Cholakwika chimene chimachitika kwambiri n'chakuti mphunzitsi amatenga tchati cha Chingerezi n'kuyamba kumasulira dzina lililonse. Zotsatira zake timaziona m'makalasi ambiri: foloko, uvuni ndi filiji zili pakhoma, koma mthiko, chipande ndi lichero palibe, pamene ana onse m'kalasimo adya nsima yophikidwa ndi mthiko dzulo lomweli. Tchati chotere chimaphunzitsa mwana kuwerenga mayina a zinthu zimene sanazigwirepo, ndipo ntchito imakhala iwiri nthawi imodzi, kudziwa chinthucho ndi kudziwa malembo ake.

Yambani ndi ana. Koma musawafunse kuti "tchulani ziwiya za kukhitchini", chifukwa adzatchula poto, mbale ndi kapu kenako n'kungoti zii. Afunseni motsata ntchito. Chimanga chikachoka m'nkhokwe, amayi amachikonolera muti? Amakonola ndi chiyani? Gaga amamuchotsa bwanji? Ufa ukabwera kuchokera kuchigayo amautani asanaphike? Poto amamutereka pati? Amathyakula ndi chiyani, nanga poomola amagwira chiyani? Funso lililonse limatulutsa dzina, ndipo mwana amene samayankha m'kalasi nthawi zambiri pamenepa amakweza dzanja, chifukwa ntchitozi amaziona tsiku lililonse. Mukamaliza njira ya nsima, tsatani njira ya madzi kuchokera kumjigo mpaka kukamwa, kenako ya ndiwo.

Lembani zonse zimene atchula, mmene azitchulira, osakonza kapena kukana chilichonse. Kusankha kubwera pambuyo. Mwana wina akatchula dzina losiyana ndi la mnzake pa chinthu chimodzimodzi, lembani onse awiri ndipo ikani chizindikiro pambali.

Tiyerekeze kuti kalasi yanu yakupatsani mawu 32 awa: poto, mphika, sefuliya, nkhali, mtsuko, ndowa, chidebe, mthiko, chipande, supuni, mpeni, chikwanje, mbale, bakuli, kapu, chikho, lichero, sefa, mtondo, munsi, musi, mbaula, mafuwa, makala, nkhuni, machesi, ufa, mchere, sopo, tsache, chiwaya ndi phale. Tigwira ntchito ndi mndandanda umenewu mpaka kumapeto.

3. Chotsani zimene zili kunja kwa malire

Apa n'pofulumira. Makala, nkhuni, machesi, ufa, mchere ndi sopo zimatha pozigwiritsa ntchito, choncho zichoke, ndipo patsala mawu 26. Tsache limapezeka kukhitchini koma ntchito yake ndi kusesa. Chikwanje chimawaza nkhuni ndi kudula nyama ya mafupa, koma kwenikweni ndi cha kumunda ndi kutchire. Ziwirizi zikachoka patsala 24. Musazitaye. Zilembeni patsamba lina, pakuti tsache ndi sopo zidzayambitsa tchati cha ukhondo, ndipo chikwanje chidzalowa pa zida za kumunda.

4. Tsimikizani dzina lililonse chiwiya chili m'manja

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene tchati chimakhalira chabwino kapena chosokoneza ana. Cholinga n'chakuti pa tchati pakhale chinthu chimodzi, chithunzi chimodzi ndi dzina limodzi limene mwana akaona chithunzicho alitchula mosakayika. Mndandanda wosakonza uja sunafike pamenepo, ndipo simungaukonze muli pa desiki.

Pitani kwa amayi achikulire awiri kapena atatu a m'midzi imene ana anu amachokera, wina wa mbali ino ya sukulu, wina wa tsidya. Amayi a m'komiti ya sukulu kapena amene amaphika phala la ana ndi poyambira pabwino. Akalola kuti muone ziwiya zawo, musatchule dzina inuyo. Mukanyamula chinthu n'kufunsa kuti "Kodi iyi ndi nkhali?", mayi waulemu adzangoti eya, aphunzitsi, posafuna kukutsutsani, ngakhale kuti iwo satchula choncho. Nyamulani chiwiyacho mufunse kuti, "Amayi, ichi mumachitcha chiyani kuno?" Akayankha, funsaninso kuti, "Mumachigwiritsa ntchito yanji?" Kenako tembenuzani funso: tchulani dzina la pamndandanda wanu n'kuwapempha kuti akulozereni chinthucho. Mafunso atatuwa amavumbula mavuto amitundu itatu, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake.

Vuto loyamba ndi la chinthu chimodzi chokhala ndi mayina awiri. Pamndandanda wathu pali munsi ndi musi, ndipo onse akutanthauza mtengo wosinjira mumtondo. Palinso ndowa ndi chidebe, zimene m'makomo ambiri ndi chinthu chimodzi chotungira madzi. Mukadzafika pa chotsekera poto mudzapeza ena akuti chivundikiro, ena chivindikiro. Palibe dzina lolakwika pamenepa, ndipo musamuuze mwana kuti zimene amanena agogo ake n'zolakwika. Koma pa tchati cha ana oyamba kuwerenga payenera kukhala dzina limodzi pansi pa chithunzi. Posankha, yang'anani kaye buku la ophunzira la Chichewa la kalasi yanuyo. Ngati dzinalo lilimo, tengani lomwelo ndi kalembedwe komweko, kuti chimene mwana akuona pakhoma chifanane ndi chimene akuona m'buku. Ngati mulibe, tengani limene ana ambiri a m'kalasimo amanena. Dzina linalo mulitchule pakamwa pophunzitsa, ndipo m'makalasi a Sitandade 3 ndi 4 mukhoza kulilemba ndi malembo aang'ono pansi pa dzina lalikulu. Tikatenga munsi ndi ndowa, mawu athu atsala 22.

Ngati sukulu yanu ili kumene ana amayankhula chiyankhulo china kunyumba, nkhaniyi imakula. Mwana wa ku Mangochi akaona mtondo akhoza kunena kuti lituli, wa ku Rumphi akhoza kunena kuti thuli. Mwanayo sanalakwitse, chinthucho wachidziwa. Tchati cha phunziro la Chichewa chikhale ndi dzina la Chichewa, koma inu lembani mayina a kwawowo m'kope lanu, kuti pophunzitsa muziyambira pa dzina limene akulidziwa n'kumufikitsa pa la pa tchati.

Vuto lachiwiri ndi lovuta kuposa loyamba: dzina lina ndi lalikulu lophimba anzake, lina ndi la chinthu chimodzi chokha. Taonani poto, mphika, sefuliya, nkhali ndi mtsuko. Kwa ana ambiri a m'tauni chilichonse chophikiramo ndi poto, ndipo chilichonse choumba ndi dothi ndi mphika. Kwa mayi wachikulire wa kumudzi zimenezi n'zosiyana. Mphika ndi wadothi, wokamwa kwakukulu, wophikira ndiwo monga nyemba. Nkhali ndi yadothinso koma yaikulupo, yophikira nsima. Mtsuko uli ndi khosi ndipo ntchito yake ndi kutungira ndi kusungira madzi, suikidwa pamoto. Poto ndi wachitsulo ndipo kawirikawiri amakhala ndi chogwirira, pamene sefuliya alibe chogwirira, ali ndi mlomo wopindikira kunja. Komanso mudzamva munthu yemweyo akunena kuti "mphika wa nsima uli pamoto" pamene chili pamotopo ndi poto wachitsulo, chifukwa mphika limagwiranso ntchito ngati dzina la zophikiramo zonse.

Pamenepa funso loti mudzifunse ndi ili: kodi kusiyanaku kungaoneke pachithunzi chimene ine ndingajambule? Mtsuko ndi mphika zimasiyana pakhosi, ndipo khosi limajambulika. Poto ndi mphika zimasiyana pa chogwirira ndi pansi pake, wina pafulati wina pozungulira, zimenezinso zimajambulika. Koma mphika ndi nkhali zimasiyana kukula ndi ntchito basi, ndipo pa pepala zonse ziwiri zidzaoneka chimodzimodzi. Mwana adzayang'ana chithunzi cha nkhali n'kunena kuti mphika, inu mudzati walakwa, pamene wolakwa ndi tchati. Nkhali ichoke pa tchati choyambachi. Ndi dzina lofunika kuti ana alidziwe, ndipo ndimamva chisoni kuona likuiwalika, koma malo ake ndi tsiku limene mwabweretsa nkhali yeniyeni m'kalasi n'kuiika pambali pa mphika kuti ana aone ndi maso awo. Sefuliya nayenso adikire, popeza ana ambiri adzamutcha poto. Bakuli, chija chokhala ndi chivundikiro choikamo nsima kuti isazizire, likajambulidwa limafanana ndi poto wopanda chogwirira kapena mbale yakuya, choncho lidikirenso. Phale, chibenthu cha mphika wosweka chokazingirapo chimanga kapena mtedza, ndi chiwiya chenicheni, koma chithunzi chake ana amangochiona ngati mwala. Zinayi zikachoka, tatsala ndi mawu 18.

Vuto lachitatu ndi la dzina limodzi lokhala ndi matanthauzo angapo. Chikho ndi chotungira madzi mumtsuko chochokera ku chipanda chouma, koma anyamata a m'kalasi mwanu amadziwanso chikho chimene matimu a mpira amalimbirana. Mtondo ndi wosinjiramo, komanso pali mtengo wa dzina lomwelo. Mbale yodyeramo imalembedwa ndi malembo omwewo amene timalembera mbale wako wobadwa naye, ngakhale katchulidwe kake n'kosiyana. Mayina oterewa simuwachotsa. Mungoonetsetsa kuti chithunzi chake n'chomveka bwino, ndipo pophunzitsa muziliika dzinalo m'chiganizo, monga "ndatsuka mbale yanga", kuti mwana amve kuti si "mbale wanga".

Chenjezo lina pa sitepe imeneyi ndi la mawu obwerekera. Aphunzitsi ena amafuna kuti tchati chikhale cha Chichewa chenicheni, choncho amachotsa kapu, supuni, poto ndi sefa n'kulemba "chomwera", "chodyera", "chophikira". Musatero. Palibe mayi amene amatuma mwana kuti akatenge chomwera, amati katenge kapu. Kapu ndi Chichewa tsopano, ndipo kwa mwana wa Sitandade 1 ndi dzina losavuta kuwerenga chifukwa lili ndi maphatikizo awiri osavuta, ka ndi pu. Chofunika n'kulilemba mmene timalitchulira ndi malembo a Chichewa, supuni osati kalembedwe ka Chingerezi. Mbali inanso musapitirire nayo: pamene dzina lathu lilipo ndipo anthu akuligwiritsa ntchito, monga mpeni, palibe chifukwa cholembera naifi.

5. Konzani kalembedwe ndi kuchulukitsa

Dzina likalakwika pakhoma, ana amaliona tsiku lililonse kwa chaka chathunthu ndipo amalikopera m'makope mwawo momwemo. Choncho lembani mawu onse 18 m'kope kaye, ndipo muwayang'ane limodzi ndi mphunzitsi mnzanu. Pamene mukukayika, onani m'buku la ophunzira kapena mu Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene unakonzedwa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba, ngati sukulu yanu kapena malo ophunziriramo aphunzitsi a m'dera lanu ali nawo.

Malo amene anthu amalakwitsa kwambiri pa ziwiya ndi awiri. Oyamba ndi h wa mpweya. Timalemba mphika, mthiko, nkhali, phale, ndipo mukasiya h mwalemba mawu ena kapena opanda tanthauzo. Ikani chikhatho patsogolo pa kamwa n'kutchula mpeni kenako mphika: pa mphika mumva mpweya ukugunda m'dzanja, pa mpeni ayi. Mayeso amenewa ana amawakonda ndipo amawagwira msanga. Malo achiwiri ndi nkhodolero, kachizindikiro kaja ka pamwamba. Ambiri amalemba m'thiko, m'phika, m'tondo, m'peni, poganiza kuti m aliyense woyamba amafuna nkhodolero. M wa m'mayinawa ndi mbali ya dzina lenilenilo ndipo safuna chizindikiro. Nkhodolero imabwera pamene m akuimira mu wa malo, monga m'mbale, m'ndowa, m'khitchini.

Kuchulukitsa sikuyenera kulembedwa pa tchati cha Sitandade 1, koma inuyo muyenera kukudziwa musanaime patsogolo pa ana, ndipo ku Sitandade 3 kupita m'tsogolo kukhoza kulowa pa tchati. Njira yachidule yopezera gulu la dzina ndi kuwonjezera "-anga" patsogolo pake. Mphika wanga, miphika yanga, chimodzimodzinso mthiko, mtsuko, mtondo, mpeni ndi munsi, amene amapereka mithiko, mitsuko, mitondo, mipeni ndi minsi. Amenewa ndi a gulu la Mu-Mi. Chipande changa, zipande zanga, pamodzi ndi chikho ndi chiwaya, ndi gulu la Chi-Zi. Lichero langa, malichero anga, ndi Li-Ma. Msampha uli pa mbale, mbaula ndi ndowa. Mbale ndi mbaula zimayamba ndi m ngati mphika, ndipo mwana amene wagwira lamulo la miphika adzanena kuti "mibale". Koma timati mbale yanga, mbale zanga, dzina silisintha, limasintha ndi liwu lotsatira. Mawu obwerekera ambiri amatenga ma-: mapoto, makapu, masupuni.

Mafuwa ndi dzina lokhalo pamndandandawu limene lili kale lochulukitsa. Lisiyeni choncho, chifukwa miyala yoterekapo poto imakhala itatu nthawi zonse ndipo palibe amene amaphikira pa fuwa limodzi. Pachithunzi jambulani itatu yonse.

6. Sanjani mawu motsata ntchito, ndipo musadzaze pepala

Pepala la tchati lodziwika lija limakhala pafupifupi masentimita 84 mbali ina ndi 59 mbali inayo. Ligonekeni cham'mbali kuti mbali yaitali ikhale yopingasa. Siyani masentimita 8 pamwamba a mutu, ndipo malo otsalawo muwagawe mizere itatu yopingasa ya masentimita 17 uliwonse, ndi mizere itatu yotsika ya masentimita 28. Mwapeza mabokosi 9. M'bokosi lililonse chithunzi chitenge masentimita 11 ndipo dzina litenge 5 pansi pake. Dzina la malembo 8 ngati chipande limakwana bwino m'masentimita 28 pa kukula kumeneku. Mukafuna kukakamiza mawu onse 18 pa pepala limodzi, malembo adzachepa kufika poti ana a kumbuyo, amene m'makalasi athu odzaza amakhala ambiri, sadzaona kanthu. Mawu 18 ndi mapepala awiri.

Ambiri amasanja motsata alifabeti. Pa ziwiya kusanja kumeneku sikuthandiza, chifukwa theka la mawu athu limayamba ndi m, ndipo mwana adzaona mpeni, mphika, mthiko, mtondo, mtsuko zitandondozana n'kusokonezeka. Sanjani motsata ntchito, mmene munafunsira ana paja. Pepala loyamba litsate nsima kuchokera pa chimanga: mzere woyamba mtondo, munsi, lichero, wachiwiri sefa, mafuwa, mbaula, wachitatu poto, mthiko, chipande. Pepala lachiwiri likhale ndi mzere wa madzi, ndowa, mtsuko, chikho. Mzere wa ndiwo, mpeni, mphika, chiwaya. Ndi mzere wa pakudya, mbale, kapu, supuni. Kusanja kotereku kumathandiza mwana amene waiwala dzina, chifukwa amadziwa kuti pambali pa mtondo payenera kukhala chosinjira chake. Kumakupatsaninso ziganizo zophunzitsira osavutika: timakonola mumtondo, timapeta ndi lichero, timaomola ndi chipande.

Onaninso kuti pa pepala lililonse pali mawu osavuta ndi ovuta. Sefa ndi poto mwana wa teremu yoyamba akhoza kuziwerenga, mbaula ndi chipande zidzabwera akaphunzira mb ndi nd, ndipo mthiko adzaufikira kumapeto. Tchati chotere chimagwira ntchito chaka chonse.

7. Jambulani, yesani zithunzi, kenako lembani

Jambulani zithunzi ndi pensulo kaye, mayina musanalembe. Jambulani chiwiya chili chokha, chopanda munthu wochigwira. Mukajambula mayi akusinja, ana adzati "amayi" kapena "kusinja", osati mtondo. Chilichonse chikhale ndi chizindikiro chake choonekera: khosi la mtsuko, mpini wautali wa chikho, mawanga a mabowo a sefa, kuluka kwa lichero. Samalani kwambiri mthiko, chipande ndi supuni, chifukwa zitatuzi zikajambulidwa mothamanga zimafanana. Mthiko ukhale wautali ndi mutu waung'ono, chipande chikhale chachifupi ndi mutu waukulu wakuya, supuni ikhale yaing'ono ndi yowonda. Ngati kujambula kumakuvutani, pemphani wophunzira wa Sitandade 7 kapena 8 amene ali ndi luso, ndipo mumupatse chiwiya chenicheni kuti aziyang'ana.

Tsopano yesani. Itanani ana asanu, mmodzi mmodzi kuti asatengerane mayankho, mulozereni chithunzi chilichonse n'kumufunsa kuti ichi n'chiyani. Chithunzi chimene ana awiri kapena kuposerapo achitchula dzina lina chili ndi vuto. Mvetserani chimene anena, chifukwa yankho lawo likuuzani pamene pali vutopo. Akati mbale pa chithunzi cha lichero, chithunzi ndicho chalakwika, onjezerani mizere ya kuluka. Akati chidebe pa chithunzi cha ndowa, chithunzi chili bwino koma mwina mwasankha dzina limene si la ambiri, ndipo mubwerere ku sitepe yachinayi. Akangoti sindikudziwa, monga zingachitike ndi chikho kusukulu ya m'tauni, chinthucho sachidziwa, ndipo musankhe pakati pa kuchichotsa ndi kubweretsa chenicheni m'kalasi musanapachike tchati.

Zithunzi zikadutsa mayesowa, lembani mayina. Jambulani mizere iwiri yopepuka ya pensulo kuti malembo akhale ofanana kutalika. Gwiritsani ntchito malembo aang'ono okhaokha, osalumikiza, ndipo a ndi g zikhale za maonekedwe amene mumaphunzitsa ana kulemba pabolodi. Musalembe MTHIKO ndi malembo aakulu poganiza kuti aoneka bwino patali, popeza m'buku mwana adzakumana ndi mthiko wa malembo aang'ono, ndipo malembo otalika monga t, h ndi k ndi amene amamuthandiza kuzindikira dzinalo. Mayina onse akhale akuda. Maka wofiira, wachikasu ndi wobiriwira amasuluka msanga ndi dzuwa ndipo saoneka kumbuyo, choncho mitundu isiyireni zithunzi.

8. Pachikani ndi kuyamba kuchigwiritsa ntchito

Musanakhomere, pemphani mnzanu agwire tchati kutsogolo, inu mukakhale pansi kumbuyo kwenikweni kwa kalasi pamene pamakhala mwana womaliza, muone ngati mukuwerenga dzina lililonse. Pachikani motsika kuti mwana wa Sitandade 1 athe kuloza mzere wapamwamba ndi kamtengo kakafupi, komanso pakhoma limene silidontha kapena kuombedwa ndi dzuwa la pazenera. Kumata ndi phala la ufa wa chinangwa kumagwira, koma kumaitana chiswe ndi mphemvu. Ndi bwino kumata tchati pa katoni, kuboola mabowo awiri pamwamba n'kumangirira chingwe, kuti muzichipachika pa msomali ndi kuchichotsa potseka sukulu, makamaka ngati kalasi yanu ilibe chitseko.

Dulaninso timakadi 18 ta katoni, kalikonse kokhala ndi dzina limodzi lopanda chithunzi. Ana akazolowera tchati amaloweza malo, ndipo mwana akhoza kunena kuti munsi chifukwa chakuti akudziwa kuti bokosi lachiwiri ndi munsi, osati chifukwa wawerenga. Phimbani mayina a pa tchati ndi timapepala, mpatseni kadi lolembedwa mtsuko, ndipo akaliike pansi pa chithunzi chake. Akaliika pa mthiko kapena pa mtondo, mwadziwa kuti akuwerenga malembo awiri oyamba okha, mt, ndipo phunziro lanu lotsatira likhale pa kusiyanitsa mts, mth ndi mt.